Kufupikitsa buku la mbaula ya gasi kukhala khadi limodzi osasiya chenjezo lililonse

Buku la malangizo limene limabwera m'katoni ya mbaula ya gasi limakhala la masamba ambirimbiri, zilembo zake zing'onozing'ono, ndipo nthawi zambiri Chingelezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiarabu zimakhala mothinana m'buku limodzi lomwelo. Amene amaliwerenga, ngati n'komwe, ndi amene wagula. Koma woyatsa moto m'mawa uliwonse amakhala wina: wantchito wa m'nyumba, mwana wa asisi amene akukhala nanu, amayi amene abwera kudzaona zidzukulu, kapena mlendo wapamalo ogona alendo. Anthu amenewa amafunika khadi limodzi lopachikidwa pakhoma, loti akaliyang'ana adziwe poyambira.

Khadi lotere lili ndi vuto lake. Munthu akangoliona pakhoma amaliyesa buku lonse, ndipo chimene sichinalembedwepo amati palibe. Mukasiya chenjezo limodzi chifukwa malo anachepa, mwamuuza wophikayo kuti ngozi imeneyo kulibe. Choncho ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi: zochita mumafupikitsa momwe mungathere, koma machenjezo mumachita kuwawerenga, kuwapatsa manambala, n'kuonetsetsa kuti lililonse lapeza pokhala. Malo akachepa, chimakula ndi khadi.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha mbaula yoima yokha, ya mapuleti anayi, uvuni pansi, chivundikiro chagalasi pamwamba, yoyaka ndi gasi wa m'silinda. Manambala amene ndikutchula ndi amene amapezeka m'mabuku ambiri a mbaula zotere, koma pakhadi lanu mulembe a m'buku lanu.

Choyamba, buku ndi la mbaula imeneyi?

Makampani amakonda kusindikiza buku limodzi la mbaula zamitundu ingapo. Mupezamo ndime za giriro yamagetsi yowotchera nyama yomwe yanu ilibe, kapena za uvuni wamagetsi pomwe wanu ndi wa gasi. Yang'anani sitika ya mbaula, yomwe imakhala kumbuyo kapena m'kati mwa kadilowa kapansi, mulembe nambala ya mtundu wake, kenako muzungulize ndi pensulo ndime zokhazo zimene zikuikhudza. Pasitika yomweyo pamalembedwanso mtundu wa gasi umene mbaula anaikonzera. Zikalembedwa `G30` kapena `G31` ndi gasi wa m'silinda, pomwe `G20` ndi gasi wachilengedwe woyenda m'mapaipi a m'mizinda ya maiko ena. Mbaula yakale yochokera ku Ulaya ikhoza kukhala ndi timabowo totulukira gasi ta `G20`, tomwe ndi tatikulu, ndipo mukailumikiza ku silinda osasintha timabowoto moto wake umakhala wautali, wachikasu ndi wamwaye. Nkhani imeneyi ndi ya katswiri, ndipo ithe khadi lisanalembedwe.

Kenako sankhani malire a khadi. Lathuli ndi la munthu wophika, ndiye likuyamba mbaula italumikizidwa kale, n'kuthera pozimitsa ndi kutseka silinda. Zochita za kulumikiza ndi kukonza sizilowa. Machenjezo ake okha ndiwo alowa, ndipo muona m'munsimu mmene amalowera.

Kutolera machenjezo

Apa ndi pamene pali ntchito, ndipo palibe njira yachidule. Pangani fotokope ya buku, kapena gwiritsani ntchito pensulo pabuku lenilenilo, muwerenge kuyambira pachikuto mpaka tsamba lomaliza. Paliponse pamene buku likuletsa, kulamula kapena kutchula chovulaza, lembani nambala m'mphepete: 1, 2, 3, motsatizana. Musasankhe panopa. Ngakhale chenjezo likuoneka kuti mwaliona kale patsamba lina, lipatseni nambala yake.

Ambiri amathera pamutu wa zachitetezo umene uli koyambirira, n'kuganiza kuti atolera zonse. Machenjezo ena amabisala. Loti muzimitse magetsi musanasinthe babu la mu uvuni limakhala kumapeto, pa zosamalira. Loti musapale galasi la chitseko ndi chitsulo chakuthwa, poopa kuti lingadzasweke, limakhala pa zotsuka. Lonena za kukula kwa mapoto lingakhale pansi pa chithunzi, m'tizilembo tating'ono. Enanso sali m'buku n'komwe: ali pasitika ya pachivundikiro chagalasi, pakapepala ka leguleta, kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi, ndi pasilinda penipeni. Onsewo atolereni.

Ngati muli ndi buku la pakompyuta kapena pafoni, mukamaliza kuwerenga fufuzaninso mawu awa limodzilimodzi, pakompyuta ndi `Ctrl+F`:

```
danger  warning  caution  notice  important
never  do not  must  only  before  risk
```

Mzere wachiwiriwo ndi umene umagwira machenjezo opanda chizindikiro cha makona atatu, ongolembedwa ngati chiganizo wamba pakati pa ndime. Koma kufufuza kumeneku n'kongothandizira kuwerenga. Buku limene anachita kulijambula ngati zithunzi silipezeka mawu ngakhale amodzi, ndipo mukhoza kuganiza kuti mulibe chenjezo pomwe makina sakuona zilembo.

Mawu anayi oyambirira a mzere woyamba ali ndi miyezo yake m'mabuku olembedwa motsatira malamulo a zolembalemba zachitetezo. Loyamba limanena za chinthu chimene chidzapha kapena kuvulaza kwambiri ngati sichipewedwa, ndipo limakhala ndi mtundu wofiira. Lachiwiri ndi chimene chingathe kupha kapena kuvulaza kwambiri. Lachitatu ndi kuvulala kocheperako, ndipo lachinayi ndi kuwonongeka kwa katundu. Miyezoyi ikuthandizeni kusanja chimene chikhale pamwamba ndi zilembo zazikulu. Isakhale chifukwa chotayira zam'munsi, chifukwa mabuku ambiri a mbaula zotsika mtengo amasakaniza mawuwa mwachisawawa, mpaka nkhani ya moto wa mafuta n'kuikidwa pansi pa kamutu kooneka kosaopsa.

Kaundula

Tengani pepala lina mulijambule mizere yotsika isanu: nambala, tsamba, zimene chenjezo likunena, nthawi imene ngoziyo imachitika, ndi malo ake pakhadi. Danga lomalizali lisiyeni lopanda kanthu kaye. Danga la nthawi ndi limene lidzakuuzeni pomwe chenjezo likhale, choncho lembanimo mawu ochepa okhaokha: musanayatse, poyatsa, pophika, pozimitsa, potsuka, posintha silinda, pangozi, nthawi zonse, kapena za katswiri.

Tiyerekeze kuti buku lathu ndi la masamba 40 ndipo tapeza machenjezo 34. Nambala imeneyi ilembeni pamwamba pa kaundula, muizungulize. Ndi imene mudzayankhire kumapeto.

Kufupikitsa chenjezo osalichotsa mano

Chenjezo lokwanira limanena zinthu zinayi: choopsa n'chiyani, chimayamba bwanji, chimachita chiyani kwa munthu, ndi chochita kuti chipewedwe. Mawu ozungulira mukhoza kuwadula onse, koma zinayi zimenezi zitsale.

Taonani la poyatsa. M'mabuku ambiri limakhala ndime ya mizere inayi kapena isanu, ndipo mfundo yake ndi yoti musapanikize batani loyatsira kupitirira masekondi 15, ndipo ngati moto sunayake, siyani, tsegulani chitseko cha uvuni, dikirani miniti imodzi kapena kuposa musanayesenso. Munthu wofulumira amalifupikitsa chonchi: "Moto ukakana, dikirani pang'ono n'kuyesanso." Chiganizo chimenechi n'chachifupi, n'chomveka, koma chataya pafupifupi zonse. Masekondi 15 apita, ndiye munthu akhoza kupanikiza theka la miniti gasi akungodzaza mu uvuni. "Pang'ono" kwa munthu amene mwana wake akuchedwa kusukulu ndi masekondi atatu. Kutsegula chitseko kwaiwalika, ndipo chifukwa chake sichinatchulidwe. Lofupikitsidwa bwino ndi ili: "Ukapanda kuyaka m'masekondi 15, tsekani batani, tsegulani chitseko cha uvuni, dikirani miniti imodzi yathunthu. Gasi wodzazana amaphulika." Mawu ochepa, koma palibe chatsala.

Pofupikitsa, pali zinthu zimene zimagwa mosaoneka, ndipo muziziyang'ana dala. Manambala ndi oyamba: asasanduke "pang'ono", "patali" kapena "kawirikawiri". Kenako timawu tomangira chenjezo ku nthawi yake, monga "ngati", "musanayambe", "pokhapokha". Kenako mphamvu ya lamulo: buku likati musachite, khadi lisanene kuti ndi bwino kupewa. Chichewa chathu chimakonda kufewetsa polankhula ndi akuluakulu, ndipo polemba khadi loti awerenge apongozi dzanja limafuna kulemba kuti "mungachite bwino kutsegulako zenera". Ulemu usungeni mu "inu" ndi "-ni", lamulo likhale lamulo: "Tsegulani zenera."

Zotsatira za ngozi anthu amakonda kuzidula poganiza kuti n'zongoopseza. Musazidule, makamaka pomwe lamulo likuoneka lopanda nzeru kwa munthu amene wakhala akuphika pa makala moyo wake wonse. "Musawothe moto wa mbaula" ndi mawu amene munthu amawaseka m'Juni kukamazizira, n'kutsegula uvuni, n'kutseka mazenera onse. Mukaonjezera kuti moto woyaka m'chipinda chotseka umatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, n'kupha, munthu amaima kaye. Ndi mpweya womwewo wa kaboni monokisaidi umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba, ndipo nkhani imeneyo aliyense anaimvapo.

Ophatikizika ndi osaphatikizika

Mwa machenjezo 34 aja, ena ndi obwerezabwereza, ndipo apa ndi pamene malo amapezeka. Muyeso wake ndi uwu: awiri amaphatikizidwa pokhapokha ngati choopsa chili chimodzi, nthawi yake ili imodzi, ndipo chochita chili chimodzi. Loti mbali za mbaula zimatentha ndipo ana osakwana zaka 8 asayandikire popanda wowayang'anira lingapezeke katatu m'buku. Limenelo lembani kamodzi, koma m'kaundula manambala onse atatu aloze mzere umodziwo.

Ovuta ndi ofanana nkhope. La masekondi 15 lija lili ndi mnzake: moto ukazima wokha muli mkati mophika, mwina ndi mphepo kapena phala lasefukira, tsekani batani ndipo musayatsenso mpaka miniti imodzi itatha. Onse ali ndi miniti imodzi, onse akuopa gasi wodzazana, koma nthawi zake n'zosiyana. Lina limachitika dzanja lili pabatani, lina limachitika munthu ali panja akuyanika zovala. Mukawaphatikiza pansi pa kuyatsa, amene wapeza moto utazima sadzaliganizira.

Chimodzimodzi chivundikiro chagalasi. Chili ndi machenjezo awiri: pukutani zamadzi zimene zatayikira pamwamba musanachitsegule, komanso zimitsani mapuleti onse ndipo azizire musanachitseke, chifukwa galasi likatenthedwa limaphulika. "Samalani ndi chivundikiro" sichiimira lililonse mwa awiriwa. Za ana nazonso zili pawiri: kutentha ndi nkhani ina, kukwera kapena kukhala pachitseko cha uvuni chotsegula ndi nkhani inanso, chifukwa pamenepo mbaula yonse imapendekeka n'kugwa ndi mapoto ake. N'chifukwa chake m'katoni mumakhala katcheni kapena kachitsulo komangira mbaula kukhoma, kamene kawirikawiri kamatayidwa pamodzi ndi mapulasitiki.

Tinene kuti titaphatikiza obwereza enieni, 34 aja atsika kufika pa mizere 26. Ngati anu atsika kufika pa 8, bwererani, mwaphatikiza osaphatikizika.

Nanga machenjezo a katswiri? Buku limati kulumikiza, kusintha timabowo ta gasi ndi kukonza zichitidwe ndi munthu wodziwa ntchitoyo, paipi isapitirire utali wakutiwakuti, isadutse kumbuyo kwa uvuni kumene kumatentha, isapindike. Wophika salumikiza mbaula, koma ndi amene amaikoka posesa, n'kuibweza paipi itapanikizika kukhoma. Choncho atembenuzeni akhale zinthu zimene iye angaone ndi maso: "Paipi isapindike, isakhudze kumbuyo kwa uvuni. Ikang'aluka kapena kuuma, musayatse, itanani katswiri."

Chenjezo likhale patsogolo pa chochita

Munthu wowerenga khadi sawerenga lonse kaye. Amawerenga mzere umodzi, n'kuchita, n'kubwerera. Chenjezo limene lili pansi pa chochita amaliwerenga atachita kale, ndipo limene lili m'bokosi lalikulu la machenjezo onse pamwamba amalilumpha pofunafuna nambala 1. Choncho chenjezo lililonse la nthawi inayake likhale pamwamba penipeni pa chochita chake, kapena mumzere womwewo koma poyambirira. Pamwamba pa khadi pakhale zochepa zokha: zapangozi, zimene munthu ayenera kuzipeza mtima uli m'mwamba. Za nthawi zonse, zotsuka, zosintha silinda ndi za katswiri zipite kutsamba lachiwiri.

Zochita zokha zidulireni popanda chisoni. Ndime zoyamikira kuti mwagula katundu wabwino, matebulo a nthawi zowotchera makeke, za galanti, za kutaya makatoni, zonsezo zitsale m'buku. Chochita chimodzi pamzere umodzi, mneni poyamba. Tsamba loyamba la khadi lathu likhoza kuoneka chonchi, manambala a kumapetowo akuloza masamba a buku lathu loyerekezera:

NGATI MWAMVA FUNGO LA GASI
Musayatse machesi. Musakhudze swichi iliyonse yamagetsi, kuyatsa kapena kuzimitsa. Tsekani silinda. Tsegulani zitseko ndi mazenera. Tulukani nonse, imbani foni muli panja. Tsamba 4.

NGATI MAFUTA AGWIRA MOTO
Musathire madzi, moto umakula n'kuuluka. Tsekani batani, vundikirani poto ndi chivundikiro chake kapena bulangeti lozimitsira moto. Tsamba 5.

KUYATSA PULETI
1. Tsegulani zenera. Moto wa m'chipinda chotseka umatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Tsamba 4.
2. Pukutani zamadzi pachivundikiro chagalasi, kenako chitsegulireni mpaka chiime. Tsamba 6.
3. Chotsani nsanza, mapepala ndi mapulasitiki pafupi ndi mapuleti. Tsamba 5.
4. Onani kuti mabatani onse ndi otseka, kenako tsegulani silinda. Tsamba 17.
5. Musapitirire masekondi 15. Panikizani batani la puleti, lipotozeni kufika pachizindikiro cha moto waukulu, yatsani. Ukayaka, gwiranibe batani masekondi amene buku lanena. Ukakana, tsekani, dikirani miniti imodzi yathunthu. Tsamba 18.
6. Onani moto. Ukhale wabuluu, wozungulira puleti yonse. Wachikasu kapena wamwaye, zimitsani. Tsamba 31.

POPHIKA
Musachoke mafuta ali pamoto. Moto usatulukire m'mbali mwa poto. Ukazima wokha, tsekani batani, dikirani miniti imodzi musanayatsenso. Ana akhale kutali, mbaula yonse imatentha. Masamba 5, 6 ndi 19.

POMALIZA
Tsekani mabatani onse, kenako silinda. Mapuleti azizire musanatseke chivundikiro, galasi limaphulika likatenthedwa. Tsamba 6.

Pamzere wachisanuwo, m'malo mwa "amene buku lanena" mulembe nambala yeniyeni. Mbaula zokhala ndi kachitsulo kotseka gasi moto ukazima zimafuna kuti batani ligwiridwe masekondi angapo kuti kachitsuloko katenthe, ndipo nambalayo imasiyana. Amene sakudziwa zimenezi amasiya batani msanga, moto n'kuzima, iye n'kumangobwereza, n'kufika pa vuto la gasi wodzazana lija. Apa chochita cholembedwa bwino chikuteteza mofanana ndi chenjezo.

Uvuni ukhale ndi chigawo chake, osauphatikiza ndi mapuleti, chifukwa mabuku ambiri amati uyatsidwe chitseko chili chotsegula ndipo muone ndi maso kuti wayakadi musanatseke. Mukalemba mzere uliwonse, bwererani ku kaundula mudzaze danga lachisanu lija: kutsogolo mzere 2, tsamba lachiwiri mzere 7, choncho.

Zimene buku silinanene

Buku linalembedwera khitchini ya kwina, ndipo pali zina za kwathu kuno zimene silidziwa. Magetsi akathima, batani loyatsira la mbaula yolumikizidwa ku soketi siligwira, ndipo munthu amatenga machesi. Ngati buku likulola machesi, lembani dongosolo lake: yatsani machesi kaye, afikitseni papuleti, kenako tsegulani gasi. M'nyumba zambiri mbaula ya makala imagwirabe ntchito ya nyemba ndi madzi osamba, ndiye mzere woti isayandikire silinda ndi wofunika. Posintha silinda, kuyesa ndi thovu la sopo polumikizira n'kofunika, thovu likamafufuma ndiye kuti gasi akutuluka, ndipo kuyesa ndi machesi n'koletsedwa. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi n'kukhala m'makona, choncho kutsegula kazenera kam'mwamba kokha sikokwanira, chitseko chitsegulidwe. Fungo lakelo amachita kuthiramo dala kuti munthu adziwe kuti akutuluka.

Zoonjezera zoterezi zilembeni pa chigawo chake cha mutu woti "Za pakhomo pano", kuti wodzaona khadi mtsogolo asiyanitse za kampani ndi zanu. Kuonjezera n'kololedwa, kufewetsa ayi. Ngati chizolowezi cha pakhomo chikusemphana ndi buku, monga kuyala pepala la aluminiyamu pansi pa uvuni kuti pasade pomwe buku laletsa, cholembedwa pakhadi ndi cha m'buku. Buku likamadzitsutsa lokha, zomwe zimachitika m'mabuku omasuliridwa mothamanga, lembani nambala yokhwimayo, kenako mufunse kumene munagula.

Pansi pa chigawo cha fungo la gasi lembani manambala a foni a ozimitsa moto a khonsolo yanu ndi a kumene mumadzazitsa gasi. Atsimikizeni kaye kuti akugwira musanasindikize.

Kuwerenga chobwerera

Wolemba khadi sangadzione yekha pomwe wasiya, chifukwa mutu wake umadzaza mipata ndi zimene akukumbukira za m'buku. Pezani munthu wina, mumpatse buku la manambala lija, inu mugwire khadi. Iye aziwerenga chenjezo nambala 1, inu muziloza pomwe lili pakhadi, iye n'kuchonga. Mupite choncho mpaka 34, monga mmene timawerengera mbuzi madzulo polowa m'khola, imodziimodzi pachipata. Pachenjezo lililonse afunse mafunso awiri: nambala yake ndi yomweyi? Munthu wongowerenga khadi angachite chimene buku likufuna? Mukayankha kuti "limenelo lili m'kati mwa lija", muwerenge mzerewo mokweza muone ngati lilimodi. Kawirikawiri limakhala lili m'mutu mwanu mokha.

Mukatero tembenuzani. Yambani pakhadi, mzere uliwonse upeze tsamba lake m'buku kapena ukhale pansi pa "Za pakhomo pano". Mzere wopanda kwawo ndi umene munaulemba kuchokera pa zimene munazolowera pa mbaula ina.

Kuyesa ndi amene adzaligwiritse ntchito

Tsekani silinda, kapena chotsani leguleta, mumpatse khadi munthu amene sanaonepo buku, mumpemphe kuti ayatse puleti ngati kuti gasi alipo. Inu khalani chete, manja kumbuyo. Kumuthandiza n'kuwononga mayesowo, chifukwa tsiku lenileni inu mudzakhala kuntchito.

Zolakwika za khadi zimaoneka m'manja mwake. Akapotoza batani asanatsegule zenera, mzere woyamba sukuoneka bwino kapena wabisika pansi pa bokosi lofiira. Akaima n'kumayang'ana mabatani, ndiye kuti mawu a pakhadi sakufanana ndi zizindikiro za pambaula, ndipo muyenera kujambula kalawi kakakulu ndi kakang'ono monga mmene zilili pabatani. Akawerenga mzere kawiri, muli zochita ziwiri, ugaweni. Pomaliza mufunseni mwadzidzidzi kuti, "Mwalowa m'khitchini mwamva fungo la gasi, mutani?" Chala chake chifike pamalo ake nthawi yomweyo. Akayamba kufunafuna, chigawo chimenecho chikwere ndipo zilembo zikule. Ndipo akayankha kuti ayatsa getsi kuti aone pomwe pakutuluka, mzere wa swichi ukhale woyamba, chifukwa kamoto ka m'swichi n'kokwanira kuyatsa gasi wodzaza m'chipinda.

Ngati wophika sawerenga bwino, khadi lokha silikwanira. Muwerengere limodzi, muyeseze kangapo, ndipo muonjezere zithunzi pambali pa mawu, osati m'malo mwa mawu.

Kusindikiza ndi kupachika

Mizere 26 ya machenjezo kuphatikizapo zochita sizikwana pakakhadi kolowa m'thumba, ndipo musalimbane nazo pochepetsa zilembo. Pepala la `A4` ndiye loyenera, zilembo za saizi 14 kapena kuposa, kuti ziwerengeke munthu ataima patali ndi khoma, m'kuwala kwa madzulo magetsi atathima. Ngati mukusindikiza zakuda ndi zoyera, mitundu siithandiza, choncho machenjezo muwasiyanitse ndi bokosi, zilembo zonenepa ndi chizindikiro cha makona atatu. Tsamba lachiwiri musaliike kumbuyo kwa loyamba ngati mukumata kukhoma, chifukwa kumbuyo kwa pepala lomatidwa kulibe amene amakuona. Masamba awiriwo akhale moyandikana, kapena khadi lipachikidwe pa chingwe kuti lizitembenuzika.

Likutitseni pulasitiki kuti nthunzi ndi mafuta zisalidye, ndipo lipachikeni pambali, pafupi ndi chitseko, osati pamwamba pa mapuleti. Pamwamba pa moto likhoza kupsa, komanso tsiku limene poto wagwira moto munthu sangaliwerenge ataweramira malawi.

Pansi penipeni lembani nambala ya mtundu wa mbaula, tsiku limene mwalemba khadi, mawu oti khadili silikulowa m'malo mwa buku, ndi pomwe bukulo likusungidwa, mwachitsanzo m'dilowa ya pansi pa sinki. Kaundula uja musamutaye, mupindireni m'buku momwemo. Mukadzagula leguleta yamtundu wina, yomwe katsekedwe kake n'kosiyana, kapena mukadzasamutsira mbaula m'chipinda china, tengani kaundulayo muone mizere imene yakhudzidwa, muisinthe, musindikize khadi latsopano, lakalelo mulichotse pakhoma tsiku lomwelo.